Lipoti: momwe akaunti yotsatsira ufa wa malambe ndi chammwamba inatsekedwera ku Mangochi, ndi momwe tinachitira apilo

Ntchito yanga ndi yothandiza eni mabizinesi ang'onoang'ono kutsatsa malonda awo pa Facebook ndi pa Instagram. Ndimakhala pa Boma pa Mangochi, ndipo ambiri omwe amandipeza ndi a malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkopola mpaka ku Monkey Bay, komanso a mashopu ndi opanga zakudya za m'mapaketi. Nkhani ndikulembayi ndi ya mayi ena omwe amagaya ufa wa malambe ndi wa masamba a chammwamba, n'kumautumiza pa basi kwa makasitomala a ku Blantyre, ku Zomba ndi ku Lilongwe. Mayina awo ndawasiya dala. Ndasankha nkhani yawo chifukwa chomwe chinatseketsa akaunti yawo si uthenga wamalonda woyamba womwe unakanidwa ayi, koma zomwe anachita m'masiku anayi otsatira, mtima uli m'mwamba.

Momwe zinayambira

Mayiwa sagwira kwambiri za foni. Tsamba lawo la pa Facebook amaliyendetsa ndi mwana wawo wamwamuna, mnyamata wochangamuka amene anamaliza Folomu 4. Kwa miyezi 8 zonse zinkayenda bwino. Ankajambula mapaketi atawandanditsa pamphasa, kulemba mtengo ndi nambala ya WhatsApp, kenako n'kudina Boost post, batani lolipirira kuti uthenga ufike kwa anthu ambiri, kuika madola 3 patsiku. Maoda ankabwera okwanira kuti mayi azitumiza katoni imodzi kapena awiri sabata iliyonse.

Tsiku lina kasitomala wa ku Ndirande anatumiza uthenga wamawu woyamikira, kunena kuti chiyambireni kuthira chammwamba m'phala, shuga wake watsika. Mayi anasangalala, anamvetsera uthengawo kangapo, n'kuuza mwana wawo kuti anthu adziwe zimenezi. Mnyamatayo analemba uthenga watsopano m'Chingerezi ndi m'Chichewa chomwe. Unkayamba ndi funso lakuti, "Kodi muli ndi matenda a shuga kapena bipi?" Kenako unkati, "Chammwamba chathu chimachiza m'masabata awiri, osafunanso mapiritsi." Pa chithunzi anaika timakina tiwiri toyezera shuga, kena koonetsa nambala yokwera, kena yotsika.

Uthengawo unavomerezedwa, ndipo unayenda masiku awiri. Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezekera, moti mayi atabwera kwa ine funso lawo loyamba linali lomweli: ngati unali wolakwika, anauvomerezeranji poyamba? Meta, kampani yomwe ndi mwini Facebook, Instagram ndi WhatsApp, imaunika uthenga uliwonse usanayambe kuoneka, nthawi zambiri pasanathe maola 24, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyo imagwiridwa ndi makina. Koma kuvomereza koyambako si chidindo cha mpaka kalekale. Malamulo awo, omwe amatchedwa Advertising Standards, amanena poyera kuti uthenga ukhoza kuunikidwanso nthawi iliyonse, ngakhale uli kale pamsewu. Wina akaudandaulira, kapena makina akaubwereranso, umatha kuimitsidwa. Wa mayiwa unaimitsidwa Lachitatu m'mawa, ndipo pambali pake panalembedwa Rejected.

Chomwe chinali cholakwika mu uthengawo

Munali zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa chifukwa chimodzi chimakonzeka posintha kalembedwe, chinacho sichikonzeka.

Choyamba ndi funso lija lakuti "Kodi muli ndi matenda a shuga?" Kwa ife ndi kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku, ndi momwe wogulitsa aliyense amaitanira anthu pa depoti. Koma pali lamulo lokhudza zomwe amazitcha Personal Attributes, loletsa uthenga wamalonda kunena kapena kuonetsa ngati ukudziwa za munthu amene akuuwerenga: matenda ake, chipembedzo chake, mtundu wake, zaka zake, ulumali, mavuto a zachuma, kapena mbiri yoti anamangidwapo. Ganizo lake ndi lakuti munthu akatsegula foni n'kupeza uthenga ukumuloza chala pa matenda ake, amadabwa kuti amuuza ndani wamalondayu. Choncho kunena za katundu wako ndi kololedwa, koma kuloza wowerenga ayi. Kuno ku Mangochi lamuloli limakola ambiri nthawi ya Ramadani. Wogulitsa tende akalemba kuti "tende wofuturira wafika" palibe vuto, koma akalemba kuti "Inu Asilamu, kodi mwasala?" ndiye kuti wanena chipembedzo cha wowerenga, ndipo uthengawo ukhoza kukanidwa.

Chachiwiri ndi cholemera kwambiri: mawu oti chammwamba chimachiza shuga m'masabata awiri, osafunanso mapiritsi. Malamulo omwewo amaletsa kulonjeza zaumoyo zomwe sizingatheke, makamaka kunena kuti chinthu chimachiza matenda osachizika, kapena kuika nthawi yoti munthu adzakhala atachira. Timakina tiwiri tija tinkanena zomwezo popanda mawu. Apa palibe kalembedwe kena komwe kakanaupulumutsa uthengawo, chifukwa cholakwika ndi lonjezo lenilenilo.

Pamenepa ndinakhala pansi ndi mayi nthawi yaitali, chifukwa iwo sankanama mwadala. Ankakhulupirira ndi mtima wonse. "Achimwene, munthu uja wanena yekha ndi pakamwa pake, ine ndawonjezapo chiyani?" Ndinawayankha kuti umboni wa kasitomala ukangoikidwa mu uthenga wolipira, umasanduka mawu a wogulitsa. Ndinawauzanso chomwe chimandiwawa ine pa nkhani zotere. Chammwamba ndi chakudya chabwino, malambe ali ndi vitamini C wambiri, zimenezo palibe akutsutsa. Koma matenda a shuga sachira ndi ufa, ndipo munthu wa ku Namwera kapena ku Makanjira amene amavutika kale kupeza thiransipoti yokatengera mankhwala ku chipatala, akawerenga kuti "osafunanso mapiritsi" akhoza kusiyadi. Ndiponso si Meta yokha yomwe ili ndi mawu pa zimenezi. M'dziko muno kutsatsa chinthu ngati mankhwala, ngakhale azitsamba, kumafuna chilolezo cha bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019. Mayi analibe chilolezo chotero, ndipo sankachifuna n'komwe bola akanangogulitsa ufa wawo ngati chakudya.

Masiku anayi omwe anaononga zinthu

Uthenga umodzi ukakanidwa si tsoka. Akaunti iliyonse yomwe yagwira ntchito nthawi yaitali inakanidwapo uthenga. Mnyamata uja akanangousiya n'kubwerera ku zithunzi za mapaketi pamphasa, bwenzi lipotili kulibe. Koma m'masiku awiri omwe uthengawo unayenda, maoda anachuluka kuposa kale, ndiye kuusiya kunali kowawa.

Lachitatu lomwelo anaukopera n'kuutumizanso momwe unalili, poganiza kuti mwina makina anangophonya. Unakanidwa. Anatumizanso kawiri, kusintha chithunzi chokha. Lachinayi mnzake wina anamuuza nzeru yoti makina amagwira mawu, ndiye azibisa mawuwo. Analemba "sh.u.ga" ndi "ch1machiza", ndipo lonjezo la masabata awiri analichotsa m'mawu n'kulilemba pa chithunzi. Madzulo a tsikulo akaunti yotsatsira inatsekedwa.

Kusiyana kwa Lachitatu ndi Lachinayi ndi kwakukulu. Lachitatu anali munthu wolemba zoletsedwa, mwina mosadziwa. Lachinayi anasanduka munthu wodziwa kuti ndi zoletsedwa amene akufuna njira yozembera. Pali lamulo lapadera la zimenezi, lodziwika ndi dzina loti Circumventing Systems, ndipo limatchula zinthu ngati kubisa mawu ndi zizindikiro, kuphimba zithunzi, ndi kutsegula maakaunti atsopano pofuna kuthawa chilango. Kadontho kamene anaika pakati pa "sh" ndi "u" kanali umboni wolemba yekha woti akudziwa chomwe akuchita.

Lachisanu anatsegula akaunti ina yotsatsira m'dzina la mchemwali wake. Anagwiritsa foni yomweyo, khadi ya ku banki yomweyo, tsamba lomwelo, n'kuika uthenga womwewo. Sinathe tsiku. Anthu amaganiza kuti dzina latsopano ndi munthu watsopano, koma khadi, foni, tsamba ndi nambala ya WhatsApp zonse zinkaloza khomo limodzi. Chomwe anapindula ndi kuika mchemwali wake m'mavuto omwe sanawadziwe.

Loweruka anapeza munthu pa gulu lina la WhatsApp amene ankati ali ndi mnzake "wam'kati" wotsegula maakaunti. Anamutumizira K60,000 pa foni, ndipo anamupatsa udindo pa tsamba la bizinesi kuti akonze bwino. Munthuyo atalandira ndalama anasiya kuyankha. Ndinene mosabisa: kupempha kuti akaunti iunikidwenso ndi kwaulere, ndipo kumachitikira m'kati mwa akaunti yako momwe. Aliyense wofuna ndalama kuti akutsegulire, kapena wotumiza linki pa Messenger yoti tsamba lako litsekedwa pakatha maola 24 ukapanda kudina, akufuna ndalama zako kapena pasiwedi yako.

Anandipeza Lolemba. Mayi anabwera pa kabaza atanyamula jumbo la mapaketi, ngati kuti ndikaona ufawo ndi maso ndimvetsa kuti ndi weniweni. Mnyamatayo anakhala pampando osadzutsa mutu, foni ili m'manja, akungoitembenuza.

Zomwe ndinapeza

Chinthu choyamba chomwe ndinawapempha ndi choti tsiku limenelo pasadinidwe batani lililonse lotumiza kanthu. Kenako tinalowa pa laputopu, chifukwa pa foni zambiri sizioneka bwino, n'kutsegula Business Support Home, malo omwe kale ankatchedwa Account Quality. Adiresi yake ndi iyi:

```
business.facebook.com/business-support-home
```

Munthu akati "anditsekera Facebook" amakhala asananene kanthu, chifukwa pali zinthu zinayi zosiyana zomwe zingatsekedwe: akaunti ya munthu mwini, tsamba la bizinesi, akaunti yotsatsira yomwe imalipira, ndi Business portfolio yomwe imasunga zonsezi pamodzi kwa amene anaitsegula. Chilichonse chili ndi apilo yakeyake, ndipo ndaonapo anthu akudandaulira tsamba pomwe chotsekedwa ndi akaunti yotsatsira. Kwa mayiwa, tsamba linali lamoyo, ankatha kulembapo ndi kuyankha makasitomala. Akaunti yotsatsira yoyamba inali yotsekedwa, pansi pake pali mauthenga 6 okanidwa. Yachiwiri ija inalinso yotsekedwa. Ndipo akaunti ya mnyamatayo inkafunsidwa kuti atsimikize kuti iye ndi ndani.

Tinatsegula mauthenga 6 aja limodzi ndi limodzi, kuwerenga lamulo lomwe latchulidwa pa uliwonse, n'kujambula zonse kuti tikhale nazo. Funso lomwe ndimadzifunsa pa uthenga uliwonse wokanidwa ndi limodzi: nditawerenga lamuloli modekha, uthengawu walakwiradi kapena ayi? Yankho lake ndi lomwe limasankha njira. Makina amaphonya nthawi zina, ndipo n'chifukwa chake pali batani la Request review. Ngati wogulitsa mipeni yotumbulira nsomba wakanidwa ngati wotsatsa zida zankhondo, ameneyo asasinthe kanthu, angopempha kuti aunikenso. Koma ngati uthenga walakwiradi, kuuchitira apilo ndi kungoitana munthu kuti adzatsimikize kulakwa kwako kachiwiri. Pa mauthenga 6 aja panalibe ngakhale umodzi womwe ndikanauikira kumbuyo. Choncho sitinachitire apilo uthenga uliwonse. Tinangolimbana ndi akaunti yoyamba yokha.

Mnyamatayo anafunsa ngati tingafufute mauthengawo kuti asaoneke. Ndinamuuza kuti kufufuta kumangoyeretsa pomwe iye akuona, mbiri ya akaunti imakhalabe.

Kusesa pakhomo tisanagogode

Masiku awiri otsatira tinawathera pa zinthu zomwe wounika angazione akatsegula nkhani yathu.

Tinayamba ndi mlendo uja. Pa mndandanda wa anthu okhala ndi udindo pa tsamba, dzina lake linali likadalipo. Mwamwayi anapatsidwa udindo wochepa, wosatha kuchotsa eni ake. Tinamuchotsa, kusintha pasiwedi, kutulutsa akaunti pa zipangizo zonse zomwe sitinazizindikire, n'kuyatsa Two-factor authentication, ija yofuna nambala yachinsinsi yapadera polowa. Akanapatsidwa ulamuliro wonse, bwenzi tikukamba za tsamba lobedwa.

Kenako ngongole. Pa Billing panali madola 11 osalipidwa, chifukwa khadi inakana pomwe ankafuna kudula ndalama. Izi ndi zofala kuno, poti malipirowa ndi a ndalama zakunja ndipo makhadi athu amakhala ndi malire a zomwe angalipire kunja. Ngongole yotere payokha imatha kuimitsa akaunti ngakhale mauthenga ali abwinobwino, ndipo imeneyo sifuna apilo, imafuna kulipira. Mayi anapita ku banki Lachiwiri, Lachitatu ngongoleyo inadulidwa.

Chitupa chinatichedwetsa. Dzina la mnyamatayo pa Facebook linali la masewera, lomwe anzake amamuitana ku mpira, pomwe pa chiphaso chake cha unzika pali mayina ena. Wounika akaona mayina awiri osagwirizana alibe poyambira. Tinasintha dzinalo kuti lifanane ndi la pa chiphaso, titaonetsetsa kalembedwe ka chilembo chilichonse, chifukwa ukasintha dzina pa Facebook umadikira masiku 60 kuti usinthenso. Chithunzi cha chiphaso tinajambula katatu. Choyamba chinali ndi kuwala kwa dzuwa pa nambala, chachiwiri chala chinaphimba ngodya. Chachitatu tinachiika pa nsalu yakuda pakhonde, pamthunzi, ngodya zonse zinayi zikuoneka.

Pomaliza tinayenda pa tsamba lonse kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kuunika sikuthera pa uthenga wokha, kumafikanso komwe uthengawo ukutumiza munthu. Pa mawu ofotokoza tsamba panalembedwa kuti "mankhwala achilengedwe a shuga, bipi ndi nyamakazi". Tinasintha kuti "ufa wa malambe ndi chammwamba wochokera ku Mangochi". Zolemba zakale 9 zinali ndi malonjezo ofanana ndi omwewo, tinazichotsa. M'katalogi ya WhatsApp Business munalinso zomwezo.

Pakati pa ntchitoyi mnyamatayo anati bwanji tingosamukira ku Google Ads, tisiyane nazo izi. Ndinamufotokozera kuti kumenekonso malamulo a zaumoyo alipo, ndipo pa nkhani yozemba ndi okhwima chimodzimodzi. Kuyambira mu 2021 Google ili ndi ndondomeko ya machenjezo pa malamulo ena: poyamba amangochenjeza, ukabwereza amaimitsa akaunti masiku 3, ukabwerezanso pasanathe masiku 90 amaimitsa masiku 7, kachitatu amatseka. Koma kuzemba kuunika amakuika m'gulu la milandu yaikulu yomwe amatsekera pompo popanda chenjezo. Uthenga womwewo ukanangotipezetsa mavuto omwewo pa khomo lina.

Apilo

Mnyamatayo anali atalemba kale yake m'foni, yaitali ngati kalata ya ku khoti. Inkanena kuti sanalakwe chilichonse, kuti ena ambiri amatsatsa zoposa pamenepo koma satsekedwa, kuti banja lonse limadalira bizinesiyi, ndipo pamapeto inkaopseza kuti akanena ku nyuzipepala. Zoti banja limadalira bizinesiyi ndi zoona, ndinaziona ndi maso. Koma wounika ali ndi funso limodzi patsogolo pake, loti akauntiyi ikatsegulidwa ibwereza kapena ayi. Kalata yoyamba ndi "sitinalakwe", pamwamba pa mauthenga 6 okanidwa, kuphatikizapo za "sh.u.ga" zija, imamuyankha kuti ibwereza. Zoti ena amachita zoposa ndi zoonanso, koma si mlandu womwe uli patebulo.

Tinadina Request review pa akaunti yoyamba Lachinayi m'mawa. Maonekedwe a malowa amasinthasintha, nthawi zina amangokupatsa zifukwa zoti usankhepo, nthawi zina pamakhala kabokosi kolembamo. Ife tinapeza kabokosi, ndipo tinalemba m'Chingerezi chosavuta mawu omwe m'Chichewa akuti:

"Timagulitsa ufa wa malambe ndi wa chammwamba ngati chakudya ku Mangochi, Malawi. Mauthenga athu 6 anakanidwa chifukwa ankanena kuti ufawu umachiza matenda komanso ankafunsa owerenga za matenda awo. Tawerenga malamulowo ndipo tikuvomereza kuti tinalakwitsa. Tinalakwitsanso potumiza uthengawo mobwereza titasintha kalembedwe, ndi potsegula akaunti yachiwiri, yomwe sitidzaigwiritsanso ntchito. Tachotsa mawu onse a zaumoyo pa tsamba lathu ndi m'katalogi, talipira ngongole, tatsimikiza chitupa, ndipo tachotsa munthu wosadziwika yemwe anali ndi udindo pa tsamba. Tikupempha kuti muunikenso akaunti yathu."

Mayi anakayikira chiganizo cha akaunti yachiwiri. "Nanga tikudziwulula tokha bwanji?" Ndinawaonetsa pa laputopu kuti maakaunti awiriwo akuoneka kale atalumikizidwa ku tsamba limodzi ndi khadi imodzi. Sitinkaulula chinsinsi, tinkangoonetsa kuti tazindikira chomwe wounika akuchiona kale. Kuibisa kukanachititsa kuti mawu ena onse aja akayikitse.

Titatumiza, ntchito yotsala inali kudikira, ndipo kwa mnyamatayo iyi ndiyo inali yovuta kuposa zonse. Ankandiimbira m'mawa ndi madzulo. Ndinamuletsa kutumiza apilo ina pamwamba pa yoyamba, chifukwa mwayi wopempha kuunikanso uli ndi malire, ndipo akakana komaliza batani lija limachoka. Ndinamuletsanso kubusita kanthu kudzera mu akaunti ya munthu wina aliyense. Koma kudekha si kugona: Meta imanena kuti akaunti yotsekedwa chifukwa cha malamulo ikatha miyezi 6 isanatsegulidwe, siitsegulidwanso, ndipo ndalama zolipiriratu zomwe zinatsalamo zikhoza kutayika. Masiku atatu okonzekera ndi abwino, koma miyezi itatu yonyanyala ayi. M'masiku odikirawo mayi anapitiriza kugulitsa kudzera pa tsamba ndi pa WhatsApp kwa makasitomala akale, popeza zimenezo sizinatsekedwe.

Yankho linabwera Lolemba lotsatira, patatha masiku anayi. Akaunti yoyamba inatsegulidwa. Sindikufuna aliyense awerenge izi ngati lonjezo. Ndinathandizapo wina amene tinachita zonse mofanana, yankho n'kubwera loti chigamulo ndi chomaliza. Akaunti yokhala ndi mbiri yozemba imatha osabwerera, ndipo ndikuganiza kuti chomwe chinawathandiza mayiwa ndi miyezi 8 ija yomwe anatsatsa mwaukhondo n'kumalipira bwino.

Pomwe ndinaphonya ine

Tinadikira masiku awiri, kenako tinakonza uthenga umodzi wokha, wa madola 2 patsiku. Mawu ake anali oti ufa wa malambe wa ku Mangochi, wosefedwa bwino, wothira m'phala kapena kupangira juwisi, paketi ya magalamu 500, mtengo wake, ndi masiku omwe timatumiza ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ndinauwerenga katatu, ndinakhutira. M'mawa mwake unali utakanidwa, pa lamulo lomwe lija la zaumoyo.

Mtima unandigunda, chifukwa akaunti yongotsegulidwa kumene siyenera kuyamba ndi kukanidwa. Mnyamatayo anati tidine Request review msanga, ulendo uno talakwiridwa. Inenso ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma ndinabwerera ku funso lija, n'kukulitsa chithunzi pa laputopu. Pakati pa mapaketi a malambe panali paketi imodzi ya chammwamba, ndipo pa lebulo yake, m'zilembo zazing'ono zobiriwira pansi pa dzina, panalembedwa kuti "Chimachiza shuga, BP, nyamakazi ndi kuchepa kwa magazi". Makina amawerenga mawu a pa chithunzi monga momwe amawerengera ena onse. Masiku awiri aja ndinasesa tsamba lonse, koma jumbo la mapaketi lomwe mayi anabwera nalo tsiku loyamba, lomwe linakhala pafupi ndi phazi langa nthawi yonseyo, sindinalitsegule n'kuwerenga.

Sitinachite apilo. Sitinaphimbenso mawuwo ndi chala kapena kuwadetsa pa chithunzi, poti kumeneko kukanakhala kubwerera ku nzeru ya Lachinayi ija. Ndinauza mayi kuti malebulo asinthidwe enieniwo. Anali ndi okwana 300 osindikiza kale, ndipo anakhala chete kanthawi akuwerengera ndalama zake. Kenako anafunsa kuti pa atsopanowo alembepo chiyani. Tinalemba dzina la ufa, zomwe zili m'kati, kulemera kwake, tsiku lopakira, tsiku lothera ntchito, kagwiritsidwe kake ndi nambala ya foni. Ndinawalangizanso kuti ayambe kufunsa ku Malawi Bureau of Standards za chiphaso cha zakudya zopakira, chomwe masitolo akuluakulu amafuna asanalandire katundu.

Malebulo atsopano atafika tinajambulanso pamphasa pomwe paja, n'kusintha chithunzi mu uthenga wokanidwawo. Ukasintha uthenga wokanidwa umabwerera wokha kokaunikidwa. Unavomerezedwa madzulo a tsiku lomwelo. Tinausiya uyende sabata ziwiri osaukhudza, kenako tinakweza kufika pa madola 3 akale aja.

Pomwe zinthu zili pano

Maoda abwerera pomwe analili miyezi 8 yoyamba ija, osati pa chiwerengero cha masiku awiri a lonjezo la shuga, ndipo mayi amakumbukirabe masiku awiriwo. Tinatsegula Business portfolio m'dzina la bizinesi, mayi ali ndi ulamuliro wonse pa akaunti yawoyawo, mwana wawo ndi wachiwiri, kuti mmodzi akapeza vuto bizinesi isaime. Tinagwirizana kuti uthenga ukakanidwa, mnyamatayo azinditumizira chithunzi cha lamulo lomwe latchulidwa asanadine chilichonse, ndipo wachita zimenezi kamodzi, pomwe analemba kuti "kwa inu ofuna kuchepetsa thupi". Akaunti yachiwiri ikadali yotsekedwa, ndipo mchemwali uja, amene akuphunzira zosoka ndipo amafuna kudzatsatsa madiresi ake, adzayenera kuchita apilo yakeyake pa mlandu womwe sanapalamule. K60,000 ija sinabwerere. Kasitomala wa ku Ndirande amagulabe paketi ziwiri mwezi uliwonse, ndipo mayi atamufunsa, anati mankhwala a ku chipatala sanasiyepo ngakhale tsiku limodzi.